Wotchi ikayamba kutsogola kapena kutsalira: ndi maginito kapena ndi ukalamba?

Funso: Ndili ndi wotchi ya Seiko 5, yopanda batire, imene malemu bambo anga anagula ku Joni, ndipo ndaivala zaka zisanu ndi zitatu osaitsegulitsapo. Kale inkatsogola ndi mphindi imodzi kapena ziwiri pa sabata, koma kuyambira mwezi watha ikutsogola ndi mphindi zinayi pa tsiku, moti Lachiwiri lapitali ndinatulutsa ana m'kalasi belu lisanalire. Mnzanga akuti yagwidwa ndi maginito, pamene wokonza mawotchi wa kumsika akuti yakalamba ndipo ikufunika sevisi. Ndimvere ndani? — Mphunzitsi, Zomba

Aphunzitsi, ine ndikanayamba kumvera mnzanuyo, ngakhale kuti wa kumsikayo sananame ayi. Wotchi imene yakhala pamkono zaka zonsezo, kuwonjezera pa zaka zimene inakhala pamkono wa malemu bambo anu, mafuta ake angakhale atauma ndithu, koma ukalamba wa wotchi sufika ngati mlendo wa usiku. Umabwera mwakachetechete, mwezi ndi mwezi, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi kusakhazikika: lero yatsalira, mawa yatsogola, mkuja mwaipeza itaima m'bandakucha. Kusintha kwadzidzidzi, kwakukulu, kopita mbali imodzi yokha ya kutsogola, kawirikawiri kumachokera pa kachitsulo kamodzi kokha m'wotchi yonseyo, ndipo pa zinthu zimene zimasokoneza kachitsuloko, maginito ndiwo oyamba kuwaganizira. Mwayi wake ndi wakuti kuyesa maginito sikulira ndalama, kuwachotsa kumatenga mphindi imodzi wotchi isanatsegulidwe n'komwe, ndipo mukawachotsa m'pamene mungaone bwinobwino ngati ukalamba nawonso ulipo.

Tiyeni tilowe m'kati pang'ono kuti tione kachitsulo kameneka. Mphamvu ya wotchi yanu imasungidwa m'sipuling'i yaikulu yokulungidwa m'kachitini kozungulira, ndipo imene imaikulunga ndi mbale yolemera yooneka ngati mwezi watheka, yomwe imazungulira yokha mukamagwedeza mkono. Mphamvuyo imadutsa m'magiya angapo mpaka kufika pa gudumu la mano okhota, ndipo pakanapanda choligwira, mivi ikanazungulira ngati chigayo n'kuthetsa mphamvu yonse m'masekondi ochepa. Choligwiracho ndi kafoloko ka timiyala tiwiri tofiira, kamene kamalola dzino limodzi lokha kudutsa nthawi iliyonse, ndipo kafolokoko kamalamulidwa ndi gudumu lina lotchedwa balansi, lomwe silizungulira mpaka kumaliza koma limapita n'kubwerera, kupita n'kubwerera. Chimene chimabweza balansiyo ndi kasipuling'i kozungulirazungulira ngati chigoba cha nkhono, kopyapyala kuposa tsitsi la munthu, ndipo m'yankho lino ndizikatchula kuti katsitsi. Nzeru yophatikiza balansi ndi katsitsi inatulukira cha m'ma 1675 ndi Christiaan Huygens wa ku Netherlands, ndipo mpaka lero pafupifupi wotchi iliyonse yopanda batire imawerenga nthawi ndi ziwiri zimenezi. Magiya onse aja ntchito yawo ndi kungowerenga kugunda kwa balansi n'kukuonetsa pa mivi. Ngati balansi ikugunda mofulumira, wotchi itsogola, ndipo ngati ikugunda mochedwa, wotchi itsalira.

Ma Seiko 5 ambiri amene akuyenda m'mikono ya anthu ali ndi makina otchedwa 7S26, ndipo nambalayi mungaione itadindidwa kuseri kwa wotchi. Makina amenewa amagunda kasanu ndi kamodzi pa sekondi, kutanthauza ka 21,600 pa ola, ka 518,400 pa tsiku. Tsiku lili ndi masekondi 86,400, choncho wotchi yotsogola ndi masekondi khumi pa tsiku yalakwitsa gawo limodzi lokha mwa magawo 8,640. Yanuyo, ndi masekondi 240 ake, ikulakwitsa gawo limodzi mwa 360. Pa ntchito zina kulakwitsa kotereku munthu sangakuone, koma kwa ife okonza mawotchi ndi chiphompho. Tsono liwiro la balansi limadalira kwambiri kutalika kwa katsitsi: kakafupika kamalimba, kakalimba kamabweza balansi msanga. Katsitsi kakafupika ndi gawo limodzi mwa 100, wotchi imatsogola ndi mphindi pafupifupi zisanu ndi ziwiri pa tsiku, moti mphindi zinayi zanuzo zikufanana ndi kufupika kongopitirira theka la gawo limodzi mwa 100.

Apa m'pamene maginito amalowerera. Mizere ya katsitsi ndi yoyandikana kwambiri, ndipo nthawi iliyonse balansi ikapita n'kubwerera, katsitsiko kamatambasuka n'kufinyika ngati kakupuma. Kakagwidwa ndi maginito, mizereyo imakokana, ndipo pofinyika paja mizere iwiri imakhudzana kapena kumatirirana, mwina kwa kanthawi kochepa chabe pa kugunda kulikonse, mwina osalekananso. Gawo limene lamatirira limasiya kugwira ntchito, choncho katsitsi kafupika ngakhale palibe wakadula. Ngati mizere yangokhudzana pang'ono, wotchi imatsogola ndi masekondi makumi angapo kapena mphindi zochepa pa tsiku, monga yanu, koma ngati mzere wathunthu wamatirira, imatha kutsogola ndi mphindi zingapo pa ola limodzi, moti muvi wa masekondi umaoneka ndi maso kuti ukuthamanga. Nthawi zina maginito amagwira kafoloko, gudumu la mano okhota kapena timasikuluwu tapafupi, n'kumakoka katsitsi kuchokera pambali, ndipo zikatero wotchi imatha kutsalira kapena kuima, koma zimenezi n'zapatalipatali poyerekeza ndi kutsogola.

Mwina mungadabwe kuti opanga mawotchi amagwiritsiranji ntchito chitsulo chimene maginito angachigwire. Yankho lake lili pa mdani wina wakale, yemwe ndi kutentha. Katsitsi ka chitsulo wamba kamafewa kukatentha, wotchi n'kutsalira, ndipo kamalimba kukazizira, wotchi n'kutsogola. Charles Édouard Guillaume wa ku Switzerland, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1920, anapeza zosakaniza za chitsulo ndi nikelo zimene sizisintha kwenikweni ndi kutentha, ndipo timatsitsi ta masiku ano timachokera ku ntchito yakeyo. Zosakanizazi sizigwidwa ndi maginito msanga ngati chitsulo chakale, komabe popeza muli chitsulo ndi nikelo, maginito amphamvu amazipezabe. Muyezo wa padziko lonse wotchedwa ISO 764 umati wotchi ingatchedwe yopirira maginito ngati itaikidwa m'mphamvu ya maginito yokwana magausi pafupifupi 60 ipitiriza kuyenda, ndipo pambuyo pake isasinthe kupitirira masekondi 30 pa tsiku. Mphamvu ya maginito ya dziko lenilenili siifika ngakhale gausi imodzi, choncho magausi 60 anali ambiri m'masiku a makolo athu. Lero timaginito tating'ono tonyezimira tija timafika magausi masauzande pamwamba pake, ndipo tili paliponse. Mawotchi opirira maginito amphamvu alipo: Rolex inatulutsa wotchi ya Milgauss mu 1956, yopirira magausi 1,000, ndipo Omega mu 2013 inatulutsa yopirira magausi oposa 15,000, koma mitengo ya mawotchi amenewo ndi nkhani ina.

Ganizirani tsono chimene chinalowa m'nyumba mwanu kapena m'chikwama chanu mwezi watha. Amene ndimawapeza olakwa kawirikawiri ndi sipika, makamaka timasipika tonyamula m'manja tija timene munthu amaika patebulo la pambali pa bedi n'kusanjikapo wotchi usiku wonse. Otsatira ndi chikwama cha foni kapena cha tabuleti chotseka ndi maginito, kabatani kotsekera chikwama cha m'manja, mahedifoni ndi kabokosi kake, m'mphepete mwa laputopu mmene muli timasipika ndi maginito otsekera chivindikiro, ndiponso mphira wa chitseko cha firiji. Mphamvu ya maginito imatha msanga mukatalikira, moti kusiyana kwa chikhatho chimodzi kumapulumutsa wotchi ku zambiri mwa zimenezi, ndipo choopsa ndi kukhudzitsa. Sekondi imodzi yokha pamwamba pa maginito amphamvu ndi yokwanira, ndipo maginitowo akalowa satuluka okha ngakhale muisiye wotchi m'kabati chaka chathunthu.

Kuyesa kwake mupemphe kampasi kwa mphunzitsi mnzanu wa jogalafe. Iikeni patebulo lathabwa, kutali ndi foni ndi zitsulo, mudikire singano ikhazikike, kenako mubweretse wotchi pamwamba pa galasi la kampasiyo n'kumaitembenuza pang'onopang'ono ngati mukutsegula chivindikiro cha botolo. Pano pali msampha umene umanamiza ambiri: chitsulo chilichonse, ngakhale chopanda maginito, chimakoka singano ya kampasi pang'ono chikayandikira, choncho kugwedezeka pang'ono si umboni. Umboni ndi wakuti singano ikutsatira wotchi mwamphamvu, ndipo mbali ina ya wotchi ikukoka nsonga ya singano pamene mbali ina ikuikankha. Ngati lamba wa wotchi ndi wachitsulo, muyeseni payekha, chifukwa timapini ta lamba ndi loko yake zimagwidwa maginito kawirikawiri pamene makina ali bwinobwino. Dziwaninso kuti katsitsi ndi kakang'ono kwambiri, moti kangakhale ndi maginito okwanira kusokoneza nthawi koma osakwanira kusuntha singano kudzera m'chikuto cha wotchi. Kampasi ikavomera, mwapeza wolakwa, koma ikakhala chete, wotchiyo ikadutsebe pa makina ochotsera maginito.

Makinawo ndi kabokosi kakang'ono kolumikiza ku magetsi a pakhoma, ndipo m'kati mwake muli waya wokulungidwa amene amatulutsa maginito osinthasintha mbali kambirimbiri pa sekondi. Wotchi imaikidwa pamwamba, batani limadinidwa osalisiya, kenako wotchi imakwezedwa pang'onopang'ono kwa masekondi asanu kapena khumi mpaka mkono utatambasuka, ndipo batani limasiyidwa wotchi itafika kutaliko. Chinsinsi chonse chili pa kutalikira pang'onopang'onoko, chifukwa mphamvu yosinthasinthayo ikamachepa imasiya chitsulo chopanda mbali imene chaloza. Munthu akasiya batani wotchi ikadali pamwamba, amaipatsa maginito oposa amene inabwera nawo, ndipo ndalandirapo mawotchi ochokera m'manja mwa anthu amene anachita zimenezi. Wotchi imatembenuzidwa n'kubwerezanso kawiri kapena katatu, kenako imayesedwanso pa kampasi. Musalole munthu kuikhula ndi maginito ena poti akuchotsa oyambawo, ndipo musaiike padzuwa poganiza kuti kutentha kuwatulutsa.

Ngati mwachotsa maginito koma wotchi ikuthamangabe chimodzimodzi, katsitsi kakadali kofupika pa chifukwa china, ndipo zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba ndi mafuta kapena kachitsotso kamene kafika pa katsitsi n'kumatiriza mizere yake monga momwe maginito akanachitira, ndipo apa wa kumsika uja angapambane mlandu, chifukwa mafuta okalamba kapena othiridwa mopitirira muyezo amayenda n'kufika kumene sakufunika. Chachiwiri ndi kugwa. Wotchi ikagwa pa simenti kapena ikamenyeka pa chitseko, mzere wakunja wa katsitsi umatha kulumpha n'kukodwa pa kachitsulo koyandikana nako, kapenanso kamuvi kochunira liwiro kamatha kusuntha. Zonsezi zimafuna kutsegula, koma wodziwa ntchito amaziona ndi galasi lokulitsa pa mphindi imodzi.

Tinene kuti maginito achoka ndipo mphindi zinayi zija zatha. Apa m'pamene funso la ukalamba likuyambira, ndipo mungaliyankhe nokha ndi kope ndi cholembera m'sabata imodzi. Makina a 7S26 saimitsa muvi wa masekondi mukakoka kochunira ka m'mbali mwa wotchi, choncho musavutike kuilinganiza ndendende; m'malo mwake, m'mawa uliwonse ndi madzulo alionse, pa ola lomwelo, lembani kusiyana kwa wotchi ndi nthawi ya pa foni imene imatenga nthawi ku netiweki, mpaka pa sekondi. Lembaninso mmene munaigonekera usiku, kaya chagada, chafufumimba, kapena chammbali kochunira kali pansi. Chimene mukufuna kuona si kukula kwa nambala koma kufanana kwake. Wotchi imene ikutsogola ndi masekondi 25 Lolemba, 24 Lachiwiri, 27 Lachitatu ndi yathanzi, ikungofuna kuchunidwa pang'ono. Imene ikutsogola ndi 5 lero, kutsalira ndi 40 mawa, n'kutsogolanso ndi 20 mkuja, ndi yodwala, ngakhale kuti pakutha pa sabata nambalazo zingafafanizane n'kuoneka ngati ikusunga nthawi bwino.

Kusiyana kwina n'kwachibadwa ndipo kusakudetseni nkhawa. Wotchi ikagona chagada, balansi imaima pa nsonga imodzi ya mtengo wake ngati nguli, ndipo kukhulana kumakhala kochepa. Ikagona chammbali, mtengowo umagonera m'mbali mwa timiyala tiwiri, kukhulana kumachuluka, ndiponso ngati mbali ina ya balansi ili yolemererapo, mphamvu yokokera pansi imayamba kuisokoneza. Choncho kusiyana kwa masekondi khumi kapena makumi awiri pakati pa kagonedwe kena ndi kena n'kozolowereka pa wotchi ya mtundu uwu, ndipo mukadziwa kagonedwe kamene kamaichedwetsa, mungabweze usiku zimene yatsogola masana. Mphamvu ya sipuling'i yaikulu nayonso imasintha liwiro, moti Loweruka limene mwakhala pansi kuchonga mayeso tsiku lonse, wotchi siikulungika mokwanira ndipo nthawi yake imasiyana ndi ya tsiku limene mwaima pa bolodi. Ngakhale mawotchi amene amayesedwa masiku 15 ndi bungwe la COSC ku Switzerland amaloledwa kutsalira ndi masekondi 4 kapena kutsogola ndi 6 pa tsiku, pamene Seiko yomwe, pa makina ake atsopano a 4R36, imangolonjeza kuti sadzatsogola kupitirira masekondi 45 kapena kutsalira kupitirira 35 pa tsiku. Mphindi imodzi kapena ziwiri pa sabata zimene wotchi yanu inkachita kale zinali zabwino kwambiri.

Ukalamba weniweni uli m'mafuta. M'wotchi muli timadontho tochepa kwambiri, tina tosaoneka popanda galasi, toikidwa pa timiyala tofiira m'mene mitengo ya magiya imazungulira ndi pa timiyala ta kafoloko. Pa zaka zisanu ndi zitatu, balansi ya wotchi yovalidwa tsiku ndi tsiku imagunda koposa biliyoni imodzi ndi theka. M'kupita kwa nthawi mafuta amauluka, amasefukira kuchoka pamalo pake, kapena amasakanikirana ndi fumbi ndi tizidutswa ta chitsulo n'kusanduka phala lokhakhala limene limadya mitengo ya magiya. Mphamvu yofika ku balansi imachepa, ndipo balansi imayamba kuyenda ulendo waufupi. Ulendo umenewu timauyeza m'madigiri: wotchi yathanzi, yokulungidwa mokwanira, itagona chagada, balansi yake imatembenuka madigiri 270 mpaka 310 mbali iliyonse pa makina ambiri a ku Switzerland, ndipo ma Seiko a mtundu wanu amakonda kukhala pansipo pang'ono, cha m'ma 240 kapena 260. Ulendo ukatsika kufika pansi pa 200, balansi imakhala ngati njinga yoyenda pang'onopang'ono, imene kamwala kalikonse kamaipotoza, ndipo kagonedwe, kugwedezeka kwa mkono ndi kuchepa kwa mphamvu zimayamba kuonekera kwambiri pa nthawi. Ambiri amakhulupirira kuti wotchi yokalamba imangotsalira basi, koma zoona zake n'zakuti ulendo wa balansi ukafupika kwambiri wotchi imathanso kutsogola, ndipo n'chifukwa chake sindinatsutse wa kumsika uja kotheratu.

Muli ndi njira ina yoyesera zimenezi panyumba. Makina a 7S26 sakulungidwa ndi zala pa kochunira, choncho ivaleni tsiku lonse lotanganidwa, madzulo muigwedeze uku ndi uku kwa mphindi zingapo, kenako muigoneke chagada n'kulemba nthawi. Yathanzi iyenera kuyenda maola pafupifupi 40 isanaime. Ikaima isanakwane maola 30, ndiye kuti mwina mphamvu ikutayikira m'mafuta ouma, mwina makina okulungira atopa ndipo sakudzaza sipuling'i. Mvetseraninso mbale yozungulira ija: ngati ikukhula kapena kugogoda pa chivindikiro chakuseri, malo ake ozungulirapo adyeka. Nkhungu m'kati mwa galasi, makamaka nyengo ya mvula, ndi chizindikiro chimene sichidikira sabata ya kope, chifukwa chikusonyeza kuti timphira totsekera madzi taphwa, ndipo dzimbiri limayamba m'masiku ochepa.

Ndikuuzeni za wotchi ina ya mtundu womwewu imene mayi wina, namwino, anabwera nayo pa benchi langa ikutsogola ndi mphindi zoposa zinayi pa tsiku. Ndinaiika pa makina omvetsera kugunda kwa wotchi, amene amajambula mzere wa timadontho pa galasi, ndipo m'malo mwa mzere ndinaona timadontho tomwazikana ngati mapira otayika, totsetsereka chokwera. Kampasi inavomera nthawi yomweyo, ndipo pocheza tinapeza kuti mayiyo ankavula wotchi akamasamba m'manja n'kuiponya m'thumba la yunifolomu mmene munali foni ya chikwama cha maginito. Nditachotsa maginito, timadontho tija tinabwerera mumzere ndipo wotchi itagona chagada inkatsogola ndi masekondi 12 okha. Mayiyo anatsegula chikwama kuti alipire azipita, koma ine ndinali nditaona nambala ina: ulendo wa balansi unali madigiri 190, wotchi itakulungidwa mokwanira. Nditaigoneka chammbali, ulendowo unatsika kufika pa 160 ndipo wotchi inayamba kutsalira ndi masekondi 38, kusiyana kwa masekondi 50 pakati pa magonedwe awiri. Anaisiya, ndipo inaima itayenda maola 26. Nditaitsegula, pa kamwala kovindikira mtengo wa balansi, pamene payenera kukhala kadontho kowala kozungulira, panali kamphete kofiirira kouma ngati dontho la tiyi pa sosala. Nditaitsuka, kuithira mafuta atsopano ndi kusintha timphira, ulendo unakwera kufika pa 255, inkatsogola ndi masekondi 8 chagada n'kutsalira ndi 3 chammbali, ndipo inayenda maola 41. Maginito ndiwo anabweretsa mayiyo, koma mafuta ndiwo anali kudya wotchiyo, ndipo ndikuganiza kuti yanu ingakhale ndi nkhani yofanana.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani kuti mukane kwamtuwagalu. Pafupi ndi balansi pali kamuvi kochunira liwiro, kokhala ndi zizindikiro za + ndi −, kamene kamasuntha malo ogwirira katsitsi kuti kafupike kapena katalike. Wokonza wothamangira ndalama amatsegula kuseri, kukankhira kamuviko ku −, n'kukubwezerani wotchi pa mphindi zisanu. Pa wotchi ya maginito, kuchita zimenezi n'kubisa matenda, ndipo tsiku limene maginitowo adzachotsedwe wotchi idzayamba kutsalira koopsa. Pa wotchi ya mafuta ouma, kamuviko kamangosuntha nambala zonse pamodzi, kusakhazikika kuja n'kutsala momwemo. Komanso pafupi pomwepo pali kamkono kena kofanana nako kamene kamagwira nsonga ya katsitsi, ndipo munthu akasuntha kolakwikako kugunda kwa wotchi kumayamba kutsimphina, kwina kutalika kwina kufupika. Kuchuna liwiro ndi ntchito yomaliza, yochitika maginito atachoka ndipo ulendo wa balansi utaoneka kuti uli bwino.

Sevisi yeniyeni ndi kuphwasula makina onse chimodzichimodzi, kutsuka chilichonse m'mankhwala ake, kuyang'ana mitengo ya magiya ndi timiyala pa galasi, kusintha zodyeka, kubwezeretsa pothira mafuta a mitundu ingapo, opepuka ku balansi ndi olemererapo kumene kuli mphamvu yambiri, kenako kuchuna ndi kuiyang'anira masiku angapo. Kumiza makina athunthu m'petulo kapena m'palafini n'kuwaumitsa, kapena kuwazira mafuta a makina osokera, kumayendetsa wotchi milungu ingapo, kenako mafutawo amafika pa katsitsi n'kubweretsa kuthamanga komwe mukudandaula nakoku. Pa za nthawi yake, makampani amasiyana: ambiri amati zaka zisanu kapena kupitirirapo pang'ono, pamene Rolex imati pafupifupi zaka khumi pa mawotchi ake a masiku ano. Ine ndimakhulupirira kwambiri nambala za wotchiyo kuposa kalendala, komabe wotchi yovalidwa tsiku ndi tsiku m'fumbi la choko ndi thukuta la mwezi wa Okutobala, imene palibe akudziwa kuti inatsukidwa liti komaliza, yakwana kuti ionedwe ngakhale ikuyenda bwino. Mwina adzakuuzani kuti n'kotchipa kuchotsa makina onse n'kuikamo atsopano a banja lomwelo, ndipo nthawi zambiri n'zoona. Koma pa wotchi ya malemu bambo anu ine ndikanasunga makina ake ngati mitengo ya magiya siinadyeke.

Zonsezi zikukhudza wotchi ya sipuling'i. Ya batire imawerenga nthawi ndi kamwala kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi, ndipo kawirikawiri siilakwitsa kupitirira masekondi 15 kapena 20 pa mwezi. Maginito amasokoneza kamota kake panthawi yokhayo imene ali pafupi, mivi n'kuima kapena kulumpha, koma akachoka imayendanso bwino ndipo imangofuna kuchunidwa. Ikayamba kutsalira ndi mphindi, kapena muvi wa masekondi ukayamba kulumpha awiriawiri kapena anayianayi, batire latha, ndipo lichotsedwe msanga lisanatulutse madzi ake owononga. Wotchi yotere musaiike pa makina ochotsera maginito, chifukwa kamota kake kali ndi maginito akeake amene akufunika.

Mukapita kwa wokonza, pitani ndi kope lanu lija, ndipo musanasiye wotchi mufunseni ngati ali ndi makina ochotsera maginito ndi omvetsera kugunda. Ngati ali nawo, apempheni achotse maginito inu mukuona, kenako akuwerengereni liwiro ndi ulendo wa balansi wotchi itagona chagada ndiponso chammbali. Ulendo ukakhala pamwamba pa 230 ndipo kusiyana kwa magonedwe awiriwo kukakhala kosapitirira masekondi makumi awiri, mungathe kubwerera nayo kusukulu tsiku lomwelo n'kukonzekera sevisi mukapeza ndalama. Ukakhala cha m'ma 200 kapena pansi, isiyeni komweko, ndipo mugwirizane kuti pobwera kudzaitenga adzakuonetseninso nambala zomwezo.